Manambala awiri amene anasinthana malo pa tsamba lachisanu ndi chitatu

"Achemwali, ndine mlembi wa gulu la achinyamata, ndipo mwezi wamawa tili ndi madzulo a nyimbo ndi zisudzo opezera ndalama zogulira mipando. Andiuza kuti ndikonze karoselo yolengeza mwambowu, yonena chimene chichitike, tsiku, malo ndi njira yoperekera. Wapampando akufuna masamba khumi, kuyambira ndi mbiri ya gulu, ndipo akuti zoperekazo zikhale kumapeto kuti tisaoneke ngati opemphapempha. Kodi ndichite zimene akunenazo?"

Mng'ono wanga, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinaika foni pansi kwa kanthawi, chifukwa inandikumbutsa sabata imene sindimakonda kuikumbukira. Inenso ndinakhalapo mlembi wa gulu la achinyamata, ndipo inenso ndinakonzapo karoselo ya pa Instagram, zithunzi zotsatizana zoti anthu azisuntha ndi chala, monga mmene mukufunira kuchitiramu. Zanga zinali ndi masamba asanu ndi anayi, ndipo ndinazinyadira kwambiri kufikira Lachitatu lina madzulo.

Ife tinkafuna kugula zokuzira mawu, chifukwa tinali titatopa ndi kubwereka. Ndinakhala mausiku atatu ndikusankha mitundu ndi kaonekedwe ka zilembo. Tsamba loyamba linali ndi chizindikiro cha gulu ndi mawu akuti chinachake chachikulu chikubwera. Lachiwiri ndi lachitatu linali mbiri yathu, kuyambira chaka chimene tinayamba. Lachinayi linali uthenga wa wapampando ndi chithunzi chake atavala jekete, lachisanu linali zithunzi za mwambo wa chaka chapitacho, tsiku linali pa lachisanu ndi chimodzi, malo pa lachisanu ndi chiwiri, ndipo nambala yotumizira ndalama pafoni inali pa lachisanu ndi chitatu, m'zilembo zazing'ono zoyera pamwamba pa chithunzi cha anthu akuwomba m'manja. Tsamba lomaliza linali lothokoza. Ndinatumiza zonsezi kwa anthu anayi a mu komiti kuti aone. Wina anati mtundu wobiriwira wachuluka, wina anadandaula kuti nkhope yake yadulidwa pa chithunzi cha gulu, wapampando anasintha mawu awiri mu uthenga wake, ndipo msungichuma, mwini wake wa nambalayo, anangoyankha kuti zili bwino. Palibe ngakhale mmodzi mwa ife amene anawerenga nambala ija motsatira chilembo ndi chilembo.

Patapita masiku anayi, azakhali a mtsikana wina wa m'gulu lathu anandiimbira. Anandifunsa mwaulemu kuti, "Mwanangu, kodi dzina limene likutuluka ndikafuna kutumiza ndalamali ndi la ndani?" Anatchula dzina la munthu amene palibe aliyense wa ife ankamudziwa. Nditatsegula chithunzi chija n'kuchiika pambali pa nambala ya msungichuma imene inali m'foni mwanga, ndinaona kuti pamene pankayenera kukhala 47 ine ndinali nditalemba 74. Azakhali aja anapulumuka chifukwa anawerenga dzina asanatsimikize kutumiza, koma anthu asanu ndi awiri anali atatumiza kale, ndipo enawo tinawadziwa pokhapokha atayamba kufunsa chifukwa chimene sitinawathokozere.

Ndinkaganiza kuti kukonza cholakwikacho kukhala kophweka, ndipo apa m'pamene ndinaphunzira mmene zinthu zimenezi zimayendera. Pa Instagram mungathe kusintha mawu olembedwa pansi pa zithunzi nthawi iliyonse, koma simungathe kuchotsa chithunzi chimodzi n'kuikapo china pamalo pake. Chimene mungachite ndi kufufuta tsamba lolakwikalo, malinga patsale masamba awiri kapena kuposerapo, apo ayi mufufute zonse n'kuyambiranso. Ine ndinafufuta zonse n'kuika zatsopano usiku womwewo. Koma tsamba lachisanu ndi chitatu linali litachoka kale pakhomo. Anyamata ndi atsikana athu, pofuna kuthandiza, anali atalijambula pa sikirini n'kulitumiza pa WhatsApp kwa amalume awo, aphunzitsi awo akale ndi anzawo a kuntchito, ndipo kumeneko kunalibe batani lililonse limene ine ndikanadina kuti libwerere. Madzi akatayika saoleka. Sabata ziwiri pambuyo pake, tsamba lolakwika lija linandipeza ine mwini, litatumizidwa ndi msuweni wanga amene ankandifunsa ngati ndikulidziwa gulu limeneli.

Funso la msuweni wangalo ndi limene linandipweteka kuposa nambala ija. Iye sankanditonza ayi. Pa tsamba limene analandira panalibe dzina la gulu, panalibe tsiku la mwambo, panalibe chimene ndalamazo zikukagula. Panali mawu akuti "Perekani pano", nambala, ndi manja a anthu akuwomba. Ine pokonza ndinkaganiza kuti aliyense wofika pa tsamba lachisanu ndi chitatu wadutsa kale masamba asanu ndi awiri, choncho akudziwa zonse. Zoona zake n'zakuti anthu ambiri amene analiona tsambalo sanaonepo ena aja, ndipo sankadziwa n'komwe kuti alipo.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Titakonza nambala, anthu anayambanso kuimba, tsopano akufunsa za dzina lina lachilendo. Zinapezeka kuti nambala ya msungichuma wathu inalembetsedwa m'dzina la bambo ake, amene anamugulira kalekale ali pasukulu. Nambala inali yolondola, koma wopereka akafika potsimikiza ankaona dzina la mwamuna pamene tinamuuza kuti msungichuma ndi mtsikana, ndipo popeza mbiri ya nambala yolakwika inali itamveka kale, ambiri ankangosiyira pomwepo. Sindingawadzudzule. Munthu wosamala amayenera kuchita chimodzimodzi. Ndalama za anthu asanu ndi awiri aja zina zinabwerera patapita nthawi yaitali titayendera maofesi, zina sizinabwerere chifukwa wolandirayo anali atazitapa kale, ndipo ine ndinabweza gawo lina kuchokera m'thumba mwanga chifukwa cha manyazi.

Tsopano ndinene za wapampando wanu, ndipo ndinena mosabisa ngakhale sindikuwadziwa. Maganizo akuti zopereka zibisike kumapeto kuti musaoneke ngati opemphapempha ndi olakwika, ndipo ndikamakula ndikuwaona kuti ndi olakwika kwambiri. Mwambo wanu ndi wopezera ndalama. Aliyense amene waona mawu amenewa akudziwa kale kuti mukupempha, ndipo simumupatsa ulemu pomuyendetsa masamba asanu ndi anayi asanapeze chimene akufuna. Ulemu weniweni kwa wopereka ndi kumuuza msanga chimene ndalama yake ikagule, kumene aitumize, ndi dzina limene aone akamatumiza. Manyazi amene timawatcha ulemu nthawi zambiri amakhala a ife okonza, ndipo amene amalipira mtengo wake ndi mayi wachikulire uja amene akufinya maso pa foni, akufunafuna nambala pakati pa mbiri ya gulu.

Za mbiri ya gulu, ndikudziwa chifukwa chimene apampando amaikondera. Iwo ndi amene anavutika kuliyambitsa gululo, ndipo akufuna kuti anthu adziwe kuti si la dzulo. Chifukwa chimenechi n'chomveka, koma malo ake si pa chilengezo cha mwambo. Mbiriyo muiike payokha tsiku lina, sabata imodzi chilengezo chitatuluka, ndipo idzagwira ntchito yokumbutsa anthu za mwambowo. Mukaiika patsogolo, mwaononga tsamba lokhalo limene muli ndi chitsimikizo chakuti lionedwa. Munthu amene akusuntha chala pa foni amaona tsamba loyamba, ndipo ngati silinamuuze kanthu amapitirira osadziwa kuti kumbuyo kwake kunali tsiku ndi malo. Mkulu wa Instagram, Adam Mosseri, ananenapo kuti munthu akaona karoselo koma osasuntha, nthawi zambiri amamuonetsanso kachiwiri kuyambira pa tsamba lachiwiri. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti tsamba lachiwiri nalonso lingathe kukhala loyamba m'maso mwa munthu wina, choncho ndi tsoka kulipereka kwa chithunzi cha wapampando atavala jekete.

Nambala ya khumi imene akuifunayo ndikuganiza kuti ndikudziwa kumene yachokera. Pamene Instagram inayamba kulola zithunzi zingapo pamalo amodzi mu 2017, malire ake anali khumi, ndipo anthu ambiri anazolowera kuona ngati khumiyo ndi chiwerengero choyenera kudzaza. Mu 2024 malirewo anafika pa 20. Ndimathokoza kuti nthawi yanga anali asanafike pamenepo, chifukwa ndikanadzaza onse. Malire amangonena kuchuluka kwa masamba amene pulogalamuyo ingalandire, sanena kuchuluka kwa masamba amene munthu ali m'basi kapena pa mzere angawerenge.

Pali chinthu china chimene chimandikwiyitsa, ndipo ndichitchule ndisanaiwale. Ndi mawu akuti "Loweruka lino". Ndimawaona pa zilengezo za magulu ambiri, ndipo nthawi zonse ndimafuna kufunsa kuti Loweruka lake liti. Wolemba amalemba Lolemba akudziwa Loweruka limene akunena, koma chithunzicho chimayenda sabata zitatu, ndipo wina amachilandira mwambo utatha. Chimodzimodzi mawu akuti "mawa" kapena "kumapeto kwa mwezi uno". Mawu otere amayenera pa status ya WhatsApp, imene imafufutika yokha pakatha maola 24, koma pa chithunzi chimene chikhalitse pamafunika dzina la tsiku, deti, mwezi ndi chaka. Chaka chimafunika chifukwa magulu ambiri amachita mwambo wofanana chaka ndi chaka, ndipo chithunzi chakale chimatha kudzukanso m'gulu la WhatsApp n'kusokoneza anthu. Dzina la tsiku ndi deti zikakhala pamodzi zimatetezana, chifukwa mukalakwitsa chimodzi wina amazindikira msanga kuti sizikugwirizana, koma zimenezi zikutanthauzanso kuti muyenera kutsegula kalendala n'kuona ndi maso anu musanatulutse. Pa nthawi, lembani yoyambira ndi yothera. Kholo limene likulola mwana wake kubwera limafuna kudziwa nthawi imene abwerere, ndipo mukapanda kulemba lidzaimbira inu.

Malo nawo ali ndi msampha wake. Ife a m'gulu timatchula malo ndi dzina lachidule limene tinazolowera, monga kungoti "ku holo", ngati kuti padziko pali holo imodzi. Amene mukufuna kuti abwere ndi ndalama zawo ambiri si a m'gulu. Lembani dzina lonse la malowo, dera lake, ndi chizindikiro chimodzi chimene mlendo angachione ali pamsewu, ndiponso khomo lolowera ngati makomo ndi angapo. Ndipo musatulutse chilengezo eni malowo asanakutsimikizireni molemba, chifukwa kusintha malo pambuyo pake kuli ndi vuto lomwe lija la nambala yanga, loti chithunzi chakale chimapitiriza kutumiza anthu kumalo akale.

Tsamba la zopereka

Tsamba limeneli ndi limene liyende kutali kuposa onse, choncho mulikonze ngati kuti ndi lokhalo limene mwapanga. Pamwamba pakhale dzina la gulu ndi mzere umodzi wonena cholinga, mwachitsanzo kuti mukufuna kugula mipando 60. Chiwerengero chotere chimathandiza kuposa mawu akuti "thandizani achinyamata", chifukwa munthu angathe kudziwerengera yekha kuti iye akwanitsa mpando umodzi kapena theka lake, makamaka mukalembaponso mtengo wa mpando umodzi. Kenako pabwere nambala, m'zilembo zazikulu kuposa zina zonse pa tsambalo, zakuda pa malo oyera kapena zoyera pa malo akuda opanda chithunzi kumbuyo, ndipo muigawe m'timagulu ta manambala atatu kapena anayi kuti diso lisasochere. Pansi pake penipeni mulembe kuti, "Dzina limene lituluke ndi lakuti", n'kulemba dzinalo monga mmene limaonekera pa foni ya wotumiza, ngakhale likhale la bambo ake a msungichuma. Ngati gulu lingathe kukhala ndi akaunti m'dzina lake, zimenezo n'zabwino koposa, koma ngati silingathe, kunena zoona za mwini nambala kumachotsa chikayiko. Mzere umenewu umatetezanso ku anthu achinyengo amene angatenge chithunzi chanu n'kusintha nambala, chifukwa wopereka akaona dzina losiyana amadziwa kuti pali cholakwika.

Njira zoperekera zisapitirire ziwiri pa tsambalo, kuwonjezera pa kupereka pakhomo tsiku la mwambo. Ndinaonapo tsamba lokhala ndi manambala a foni atatu ndi maakaunti awiri a kubanki, ndipo ndikukhulupirira kuti msungichuma wawo analira powerengera. Musiyanitsenso momveka ndalama yolowera pa mwambo ndi mphatso chabe. Ngati zonse zikupita ku nambala imodzi, muuzeni wotumiza mawu amene alembe, monga "tikiti" kapena "mpando", ndi zimene aonetse pakhomo, apo ayi tsiku la mwambo mudzakangana ndi munthu amene anapereka mphatso akuganiza kuti wagula malo.

Anzanu ena adzakuuzani kuti muike QR code kuti zioneke zamakono. Pa pepala lomata pakhoma imathandiza, koma pa karoselo munthu akuiona pa foni yomweyo imene akanaijambulira, ndipo ambiri sadziwa njira yoiwerengera kuchokera pa chithunzi chosungidwa. Kumbukiraninso kuti linki yolembedwa pansi pa zithunzi pa Instagram sidinika, ndipo yolembedwa pa chithunzi penipenipo ndiye sidinika n'komwe. Ngati muli ndi linki yoperekera, malo ake ndi pa bio ya gulu, ndipo tsambalo linene zimenezo. Pa mawu a pansi pa zithunzi mubwerezenso tsiku, malo, nambala ndi dzina m'zilembo wamba, chifukwa mawu amenewo ndi okhawo amene mungawakonze pambuyo pake, ndiponso munthu wosaona bwino amene foni imamuwerengera amawamva.

Chimene ine sindinachite, ndipo inu muchite, ndi kuyesa. Masamba akatha, musawatumize ku komiti ndi funso lakuti "zili bwanji?", chifukwa adzakuyankhani za mitundu. Mupeze munthu mmodzi amene si wa m'gulu, mumutumizire tsamba la zopereka lokha pa foni yake, ndipo mumupemphe kuti atumize kandalama kochepa kwambiri powerenga nambala pa chithunzicho, osati pokufunsani. Inu mukhale pafupi ndi msungichuma mpaka uthenga wolandira ulowe, kenako mufunse wotumizayo dzina limene anaona. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku n'kwa mphindi zisanu zokha. Munthu yemweyo mumuonetse tsamba loyamba kwa kanthawi kochepa, mubise foni, n'kumufunsa kuti mwambowu ndi wa chiyani, uli liti ndipo uli kuti. Akalephera chimodzi, vuto lili pa tsamba.

Ponena za zithunzi za achinyamata anu, ngati ena ndi ana osakwana zaka 18, mupemphe chilolezo kwa makolo awo musanaike nkhope zawo, ndipo musalembe mayina awo pambali pa malo ndi nthawi imene adzapezeke. Nambala yofunsira mafunso ikhale ya munthu wamkulu amene wavomera kuti foni yake izilira.

Masamba anayi akukwanirani. Loyamba linene zonse mwachidule: madzulo a nyimbo ndi zisudzo opezera mipando 60, dzina la gulu, tsiku lolembedwa mokwanira monga Loweruka pa 15 Ogasiti 2026, nthawi monga 2 koloko mpaka 5 koloko madzulo, ndi dzina la malo. Lachiwiri likhale la zopereka lija, ndipo ndikunenadi lachiwiri. Lachitatu lifotokoze zimene zidzachitike ndi mtengo wolowera, lachinayi lilongosole njira yokafikira pamalopo ndi nambala yofunsira. M'munsi mwa tsamba lililonse mukhale kamzere kofanana kokhala ndi dzina la gulu, tsiku ndi malo. Onse akhale a msinkhu umodzi, mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1350 m'litali, chifukwa kawirikawiri masamba otsatira amadulidwa motengera loyamba, ndipo mawu ofunika musawaike m'mphepete. Ngati muikanso pa Facebook, dziwani kuti zithunzi zingapo kumeneko nthawi zambiri zimaoneka zitaunjikidwa pamodzi zili zazing'ono, choncho ndi bwino kuikako loyamba ndi lachiwiri lokha.

Mukatulutsa, yang'anani mafunso amene anthu akufunsa pa tsiku loyamba. Akamafunsa kuti "liti?" kapena "titumize kuti?", musawayankhe mokwiya kuti zalembedwa kale, chifukwa akukuuzani tsamba limene silikugwira ntchito, ndipo tsiku loyamba ndi nthawi imene kufufuta n'kuyambiranso kumakhala kotsika mtengo. Kwa wapampando, musapite ndi mtsutso wapakamwa. Mukonze masamba anayiwo, muwaonetse pa foni, ndipo muwalonjeze kuti mbiri ya gulu ndi uthenga wawo zituluka pazokha sabata yotsatira, chithunzi cha jekete chili patsogolo. Akakanabe, muwapemphe kuti iwo akhale oyamba kutumiza kandalama koyesera kaja pogwiritsa ntchito masamba awo khumiwo, inu mukuwerenga nthawi.